Musanalembe kalata yopempha livi, yambani mwawerenga masiku anu: nayi njira yake

Makalata ambiri opempha livi amabwezedwa pa chifukwa chimodzi, munthu walemba kuti "ndikupempha masabata awiri" basi, osanena kuti ali ndi masiku angati, awatenga kuti, ndipo akabwera atsala ndi angati. Bwana akalandira kalata yotero sasaina, amaitumiza kwa a HR kuti akaone kaye, ndiye imakagona kumeneko sabata yathunthu inu mutauza kale abale kumudzi kuti mukubwera. Ntchito yeniyeni ili pa kuwerengako, kalata ndi ya mphindi khumi chabe.

Titsatire chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Mayi wina amagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina ku Kanengo, Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo akufuna kupita kwawo ku Ntcheu kukathandiza zokonzekera ukwati wa mng'ono wake kumayambiriro a Julayi 2026.

Gawo loyamba: dziwani masiku amene mukuyenera kulandira pa chaka

Apa pali malo awiri oyang'ana, lamulo la dziko ndi kontilakiti yanu. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000, pa gawo 44, limati wogwira ntchito masiku 6 pa sabata apatsidwe masiku osachepera 18 a livi yolipidwa pa chaka, pomwe wogwira masiku 5 apatsidwe osachepera 15. Awa ndi masiku ogwira ntchito, osati a pa kalendala. Ngati Loweruka simupita ku ntchito ndiye Loweruka silingadye livi yanu, koma kwa anzathu a m'mashopu ndi m'mafakitale amene amagwira mpaka Loweruka, tsikulo limawerengedwa.

Mawu oti "osachepera" amenewo muwagwire bwino. Lamulo laika malire a pansi, kampani ikhoza kupereka zoposa apo ndipo zambiri zimatero maka kwa anthu a magiredi a pamwamba. Ndiye musathamangire kulemba 15 mu kalata pomwe kontilakiti yanu ikuti 18, mudzimana nokha masiku atatu. Fufuzani kalata ija anakupatsani polowa ntchito, komanso buku la malamulo a kampani lija ambiri tinangosainira kuti talandira osalitsegula. Mayi wathuyu kontilakiti yake ikuti masiku 18 pa chaka ngakhale amagwira masiku 5, choncho nambala yake ndi 18.

Gawo lachiwiri: masikuwo amalowa bwanji

Ambiri amagwa apa. Kukhala ndi masiku 18 pa chaka sizitanthauza kuti pa 2 Januwale onse 18 ali m'manja mwanu. Makampani ambiri amawalowetsa pang'onopang'ono mwezi ukatha, 18 kugawa ndi 12 ndi tsiku limodzi ndi theka pa mwezi, 1.5, ndipo wa masiku 15 amalandira 1.25. Ena amakupatsani onse chaka chikangoyamba, ena amalola kutengeratu masiku a miyezi imene simunagwirebe kenako nkudzabweza. Zonsezi zimalembedwa m'buku lija, ndipo muonenso kuti chaka cha livi chimayamba liti, chifukwa pena ndi Januwale mpaka Disembala, pena chimatsata chaka cha zachuma cha kampaniyo, pena chimayambira tsiku limene munalowa ntchito. Mukaphonya pamenepa samu yonse yalakwika.

Pali nkhani ya masiku otsala chaka chatha. Lamulo limati livi itengedwe mkati mwa miyezi 6 kuchokera pamene yakwanira, koma ikhoza kusungidwa ndi kuunjikidwa ngati inu ndi olemba ntchito mwagwirizana. Mawu oti kugwirizanawo ndiwo amafuna pepala. Bwana akakuuzani pa khonde kuti "Disembala uno ntchito yachuluka, mudzapita chaka cha mawa", pemphani kaimelo kapena asaine penapake, bwanayo akhoza kusamutsidwa, wobwerayo sadziwa za pa khonde.

Gawo lachitatu: werengani nokha, kenako yerekezani ndi za kampani

Tengani pepala. Mayi uja chaka chake cha livi ndi Januwale mpaka Disembala. Anachoka mu 2025 ndi masiku 4 ndipo buku la kampani limalola kuwolotsa mpaka 5, ndiye onse 4 awoloka. Kuyambira Januwale mpaka kutha kwa Meyi ndi miyezi 5, kuchulukitsa ndi 1.5 akupeza 7.5. Mu Epulo anatenga masiku 3. Ndiye 4 kuphatikiza 7.5 kuchotsa 3, balansi yake pa 31 Meyi ndi 8.5.

Tsopano atsegula peyisilipi ya Meyi, pamzere wolembedwa Leave Balance pali 6.5. Masiku awiri apita kuti?

Apa musakwiye kaye, ndipo musalembe kalata muli ndi manambala awiri osiyana. Pitani kwa a HR mukapemphe kuona rekodi yanu ya livi, kaya ndi khadi la mu fayilo kaya ndi pa kompyuta, muone tsiku lililonse limene anachotsa. Mayiyu atayang'ana wapeza kuti mu Malichi anapita kumaliro a malume ake masiku 2, ndipo amene analowetsa anawaika pa livi ya pachaka, pomwe buku la kampani yawo lili ndi livi ya padera ya zovuta. Zinthu zotere zimachitika kwambiri ndipo nthawi zambiri si nkhanza, ndi fomu imene munachonga bokosi lolakwika muli ndi chisoni, kapena kalaliki analowetsa mothamanga. Zina zomwe zimadya masiku mwakachetechete ndi livi yodwala yolowetsedwa ngati ya pachaka chifukwa chikalata cha adokotala sichinafike mu fayilo, komanso holide ya boma imene inagwera mkati mwa livi yanu koma nkuwerengedwa ngati tsiku lanu.

Livi yodwala ili ndi thumba lake. Mukakwanitsa miyezi 12 pa ntchito lamulo limapereka masabata osachepera 4 pa malipiro onse ndi ena 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, bola pakhale chikalata cha dokotala wovomerezeka. Ya uchembere nayonso ndi yapadera, masabata osachepera 8 pa malipiro onse kamodzi pa zaka 3. Izi siziyenera kukhudza masiku anu a pachaka. Koma ya maliro ndi ya mayeso, zimenezo muzifune m'buku la kampani, ndi momwe mudzapeze kuti ndi masiku angati komanso m'bale uti amene akuwerengedwa, chifukwa mabuku ena amangotchula kholo, mwana ndi mwamuna kapena mkazi wanu, malume mulibe, ngakhale kwathu kuno malume ndi kholo lenileni. Mwamwayi la mayiyu limatchula abale a pafupi onse.

Akakonza, pemphani akutumizireni balansi yatsopano pa imelo. Tsiku la imeloyo mulilemba mu kalata.

Gawo lachinayi: werengani masiku amene mukupempha

Tsegulani kalendala muwerenge ndi chala. Mayiyu akufuna kuchoka Lolemba pa 29 Juni ndi kumaliza Lachisanu pa 10 Julayi 2026. Masiku ogwira ntchito pakatipa ndi 10, koma pa 6 Julayi ndi tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira ndipo likugwa Lolemba. Lamulo limati holide ya boma ikagwera mkati mwa livi pa tsiku limene mukanagwira ntchito, livi yanu imaonjezeredwa tsiku limodzi, kunena kwina tsikulo silichotsedwa kwa inu. Choncho akupempha masiku 9, osati 10, ndipo abwerera Lolemba pa 13 Julayi.

Vuto laling'ono ndi loti ali ndi 8.5 koma akufuna 9. Masiku 1.5 a Juni alowa pa 30 Juni, iye atayamba kale livi dzulo lake, ndiye balansi ifika 10. Wina woyang'ana peyisilipi yokha akhoza kukana kuti masiku sakukwana. Nchifukwa chake izi muzinene nokha mu kalata asanazipeze iwo.

Onaninso kuti buku likufuna chidziwitso cha masiku angati, kwa mayiyu ndi masiku 14 livi isanayambe, komanso ngati pali nyengo yoletsedwa monga yotseka mabuku a chaka kapena yowerenga katundu. Ndipo ichi ambiri sakonda kumva, livi ndi ufulu wanu inde, koma tsiku loyambira amatsimikiza ndi olemba ntchito atakambirana nanu. Bwana akhoza kusuntha deti, chomwe sangachite ndi kukuuzani kuti livi kulibiretu.

Gawo lachisanu: ikani manambala mu kalata

Maofesi ambiri amafuna Chingerezi kapena fomu yawo, palibe vuto, mfundo zake ndi zomwezi. Kalata ya mayiyu, ya pa 8 Juni, ikhoza kuoneka chonchi:

"Bwana, ndikupempha livi ya pachaka ya masiku 9 ogwira ntchito, kuyambira Lolemba pa 29 Juni mpaka Lachisanu pa 10 Julayi 2026, ndipo ndidzabwerera Lolemba pa 13 Julayi. Tsiku la 6 Julayi sindinaliwerenge poti ndi holide ya boma. Malinga ndi kontilakiti yanga ndimalandira masiku 18 pa chaka. A HR atsimikiza pa imelo ya pa 4 Juni kuti balansi yanga pa 31 Meyi inali masiku 8.5, ndipo ndi 1.5 ya Juni ifika 10, kotero ndikabwera ndidzatsala ndi tsiku limodzi osawerengera a Julayi. Ndapereka pempholi masiku 21 livi isanayambe, pomwe gawo 7.2 la buku la malamulo a kampani limafuna masiku 14. Ntchito zanga ndidzasiyira mnzanga wa mu ofesi yathu monga mungavomerezere."

Taonani kuti mu kalatamu simunatchulidwe Employment Act. Ndadala. Ine maganizo anga ndi oti pa pempho wamba tchulani kontilakiti ndi buku la kampani basi, chifukwa kalata yoyamba ndi gawo 44 bwana amaiwerenga ngati mwayamba kale mlandu. Lamulolo mulisungire nthawi imene akuchepetserani masiku pansi pa 15 kapena 18 paja, kapena akhala akukuzengerezani mpaka miyezi 6 ija yatsala pang'ono kutha. Pamenepo ndi pomwe mumalemba mzere umodzi wofatsa wotchula gawolo, ndipo zikakanikabe pali ofesi ya zantchito ya boma m'boma lanu.

Nambala ya gawo la buku muikope ndendende kuchokera mu buku limene likugwira ntchito pano, chifukwa makampani amasintha mabukuwa ndipo 7.2 ya zaka zitatu zapitazo mwina lero ikunena za yunifomu. Phatikizani imelo ya a HR ija, perekani kalata, ndipo pemphani akudindireni kope yanu yosonyeza tsiku limene alandira. Peyisilipi ya Julayi ikatuluka onani mzere uja, ngati masiku a Julayi alowa kale mayiyu apeze 2.5, akapeza 1.5 ndiye kuti pa 6 Julayi paja amuwerengera.