Ntchito ya cron ikamayamba inzake isanathe

Pa ofesi yathu kuno ku Lusaka tili ndi pulogalamu yotumiza mauthenga a malipiro kwa makasitomala, ndipo cron, pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika, imaidzutsa mphindi zisanu zilizonse. Masiku ambiri imatha m'masekondi ochepa. Koma tsiku lina magetsi atathima kwa maola angapo, mauthenga anaunjikana. Seva itayaka, ulendo woyamba unali usanathe pamene wachiwiri unayamba, kenako wachitatu, onse akutola mauthenga amodzimodzi. Makasitomala ena analandira uthenga umodzi katatu, ndipo zinandipweteka mtima.

Ndinazindikira vutoli nditalemba `pgrep -af tumiza.sh` n'kuona mapulogalamu atatu akuyenda limodzi. Cron sifunsa ngati yam'mbuyo yatha, imangoyang'ana wotchi.

Poyamba ndinaganiza zopanga fayilo yachizindikiro n'kumaifufuta pomaliza. Ndinaisiya njirayo, chifukwa magetsi akathima pakati, fayiloyo imatsala ndipo ntchito siyambanso mpaka munthu aichotse pamanja. Ndinasankha `flock`, imene imaika loko pa fayilo kuti ntchito imodzi yokha iziyenda pa nthawi:

```
*/5 * * * * flock -n /var/lock/tumiza.lock /opt/tumiza.sh
```

Loko ameneyu amagwiridwa ndi pulogalamu imene ikuyenda, ndiye ikatha kapena ikafa, amamasuka yekha. Chizindikiro cha `-n` chikutanthauza kuti wobwera pambuyo akapeza potseka asadikire, angotuluka. Popanda icho, odikira amangochulukana pamzere.

Dziwani kuti pulogalamu ikangouma osafa, lokoyo samasuka. Choncho ndinaika `timeout 2h` kutsogolo kwa `/opt/tumiza.sh`, popeza mulu waukulu umene ndinauonapo unatha pasanakwane ola limodzi.