Momwe mungasinthire magalamu kukhala mamolo osasokonezeka ndi kalukyuleta

Ndimaphunzitsa ana a giledi 11 ndi 12 kemisitiri madzulo kuno ku Chilenje, ndipo chaka chilichonse tikafika pa nkhani ya molo nkhope zimagwa ngati ndalengeza maliro. Koma masamu ake ndi kugawa ndi kuchulukitsa chabe, vuto limakhala loti mwana sanauzidwe kuti molo inabwera kudzathetsa chiyani.

Pitani mushopu ya hadiweya mukagule misomali, palibe amene adzakuwerengerani umodzi umodzi, amaika pa sikelo. Ngati mukudziwa kulemera kwa msomali umodzi, sikeloyo yakuuzani kale kuti misomali ilipo ingati. Maatomu naye ndi chimodzimodzi. Akamaphatikana amaphatikana mwa chiwerengero, awiri a haidirojeni ndi imodzi ya okosijeni kupanga madzi, koma ife sitingawaone, chomwe tili nacho m'manja ndi sikelo basi. Ndiye panafunika mulu umodzi wodziwika, monga thireyi ya mazira aliyense amadziwa kuti ndi 30. Muluwo ndiye molo, ndipo muli tinthu 6.02 × 10²³.

Nambala yoopsayi sanangoitola. Atomu ya kaboni imalemera ka 12 kuposa ya haidirojeni, ya okosijeni ka 16. Ndiye mukatenga galamu 1 ya haidirojeni, magalamu 12 a kaboni ndi magalamu 16 a okosijeni, milu itatuyo ili ndi maatomu ofanana chiwerengero, ndipo chiwerengerocho ndi 6.02 × 10²³ yomweyo. Apa ndiye pali phindu lonse, nambala ya kulemera kwa atomu yomwe yalembedwa pa piriyodiki tebulo mumangoiwerenga ngati magalamu, mwapeza kulemera kwa molo imodzi. Nambala ya 6.02 × 10²³ ija amaitcha nambala ya Avogadro pomulemekeza wasayansi wa ku Italy, ngakhale kuti iye sanaiwerengere yekha, ndipo kuyambira 2019 inakhazikitsidwa pa 6.02214076 × 10²³ ndendende. Pa mayeso 6.02 yakwana, osazivutitsa.

Manje tiyeni tigwire ntchito ndi chinthu chomwe aliyense anachionapo, feteleza wa yureya uja timathira chimanga chikafika m'mawondo. Fomula yake ndi CO(NH₂)₂. Tinene kuti mwayeza magalamu 15.

Choyamba pezani kulemera kwa molo imodzi. Kaboni 12, okosijeni 16, ndiye ka 2 kali kunja kwa bulaketi kamachulukitsa zonse zili mkati, ndiye naitirojeni ndi awiri, 28, haidirojeni ndi anayi, 4. Zonse pamodzi 60 g/mol. Mukapeza 44 dziwani kuti ka 2 kaja mwakaiwala.

Chachiwiri, magalamu kupita ku mamolo mumagawa, apa n ndi mamolo, m ndi magalamu, M ndi kulemera kwa molo imodzi:

```
n = m / M
n = 15 / 60 = 0.25 mol
```

Ngati mwaiwala kuti ndi kugawa kapena kuchulukitsa musaloweze katirayango, zifunseni chabe kuti molo imodzi ndi magalamu 60, ine ndili ndi 15, kodi ndafika pa imodzi? Simunafike, ndiye yankho liyenera kukhala lochepera 1. Amene wapeza 900 azigwira yekha pompo.

Chachitatu, mamolo kupita ku chiwerengero mumachulukitsa, 0.25 × 6.02 × 10²³ ndipo mupeza mamolekyulu 1.505 × 10²³. Apa werengani funso kawiri. Akafunsa maatomu a naitirojeni, molekyulu iliyonse ili ndi awiri, ndiye ndi 3.01 × 10²³.

Pomwe ine ndinagwa ndi pobwerera, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimachita manyazi chifukwa zinachitika pamaso pa ana, ine ndili pa bolodi choko kumanja. Funso linali loti mamolekyulu 3.01 × 10²³ a yureya amalemera magalamu angati. Njira ndinaidziwa, gawa ndi nambala ya Avogadro upeze mamolo, kenako chulukitsa ndi 60. Ndinadina chonchi:

```
3.01 × 10^23 ÷ 6.02 × 10^23
```

Kalukyuleta inandipatsa 5 × 10⁴⁵ ndipo ine osaganiza ndinapitiriza, kuchulukitsa ndi 60, kulemba pa bolodi magalamu 3 × 10⁴⁷. Kamtsikana kena kumbuyo kanakweza dzanja, ati, "Aticha, feteleza ameneyo tikamusunga kuti?" Kalasi yonse kuseka. Kanali ndi chifukwa, dziko lonse lapansili limalemera pafupifupi magalamu 6 × 10²⁷, ndiye ine ndinali nditapanga yureya wolemera kuposa dziko kutalitali.

Ndinayamba kunamizira kalukyuleta, chifukwa ndinaigula motchipa kwa anyamata ena ogulitsa m'mbali mwa msewu mtauni, ya feki ndithu, mabatani ena umachita kukanikiza ndi chikhadabo. Koma usiku nditabwereka yoyenera ya mwana wa achemwali anga yankho linatuluka lomwelo. Kalukyuleta imawerenga kuchoka kumanzere kupita kumanja. Inagawa ndi 6.02 yokha, kenako ka × 10^23 kotsatirako inakachulukitsa m'malo mokagawa, chifukwa palibe chomwe chinaiuza kuti 6.02 ndi 10²³ ndi nambala imodzi. Mankhwala ake ndi bulaketi, kapena batani lolembedwa EXP, pa ena lalembedwa ×10ˣ:

```
3.01 × 10^23 ÷ (6.02 × 10^23)
3.01 EXP 23 ÷ 6.02 EXP 23
```

Zonse ziwiri zimapereka 0.5 mol, kuchulukitsa ndi 60, magalamu 30. Koma batani la EXP nalo lili ndi msampha wake, mkati mwake muli kale × 10. Ana ambiri amadina 6.02 × 10 kenako EXP 23, ndiye 10 walowa kawiri, nambala yasanduka 6.02 × 10²⁴. Cholakwa ichi ndiye choipa kwambiri chifukwa yankho limaoneka labwinobwino, langosiyana ka 10, palibe mwana wakumbuyo adzakusekeni, mudzangoona mamaki apita. Ine masiku ano ndisanadine ndimafafaniza 10²³ wa pamwamba ndi wa pansi pa pepala, kwatsala 3.01 kugawa ndi 6.02, theka, kalukyuleta ikanena zina ndiye kuti zala zanga zalakwa. Ndipo makolo, ngati mukugulira mwana kalukyuleta ya mayeso a ECZ yesani 1 EXP 23 ÷ 1 EXP 23 pomwepo musanapereke ndalama, ituluke 1, ndipo onani kuti manambala onse akuoneka pa sikirini, zotchipa zina zimazima mbali imodzi pakangotha mwezi.

Zotsalazi ndi zomwezo. Mamolo kupita ku magalamu chulukitsani ndi M. Magalamu kupita ku chiwerengero palibe njira yachidule, dutsirani pa mamolo. Makilogalamu asandutseni magalamu kaye. Akati okosijeni wa gasi ndi O₂, ndiye 32 osati 16.

Yesani ndi thumba lonse la 50 kg. Magalamu 50,000 kugawa ndi 60 ndi mamolo 833 ndi kanthu, molo iliyonse ili ndi magalamu 28 a naitirojeni, ndiye mupeza pafupifupi makilogalamu 23.3. Kumeneko ndi 46 peresenti ndi kanthu, ndipo mukayang'ana pa thumba la yureya mupeza palembedwa 46% N.