Momwe mungakonzere bajeti ya khonsolo kuti ithandize amayi ndi abambo mofanana

Makhonsolo ambiri akafunsidwa kuti nkhani za jenda zili pati m'bajeti yawo, amaloza mzere umodzi kumapeto kwenikweni: ndalama zochepa za msonkhano, malaya ndi chikondwerero cha tsiku la amayi. Ndalama zenizeni, za misewu, misika, madzi ndi zinyalala, zimadutsa popanda wofunsa kuti zikuthandiza ndani. Mfundo imene maiko anagwirizana pamsonkhano waukulu wokambirana za amayi ku Beijing mu 1995 inali yakuti funsoli lizifunsidwa pa ndondomeko iliyonse ya boma chiganizo chisanamangidwe. Apa tiona momwe khansala, woona za mapulani kapena membala wa komiti ya chitukuko angachitire zimenezi, potsatira ntchito imodzi yokha kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto: kumanga zimbudzi pamsika waukulu.

Choyamba: sankhani mzere umodzi, ndipo musachedwe

Musayambe ndi bajeti yonse, mungangotopa nayo. Tengani ntchito imodzi imene ili ndi ndalama zooneka komanso imene anthu amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Nthawi yolowererapo ndi pamene nthambi za khonsolo zikulemba zofuna zawo, mapulani asanajambulidwe. Bajeti ikafika pamsonkhano wa makhansala onse, kawirikawiri chimene chatsala ndi kuvomereza basi, ndipo ntchito ikaperekedwa kwa kontilakitala, kusintha kulikonse kumafuna ndalama zoonjezera.

Chachiwiri: werengani anthu, amayi paokha, abambo paokha

Lipoti lonena kuti "anthu 300 adzapindula" silikuuzani kanthu. Muyenera kudziwa kuti mwa anthuwo amayi ndi angati, abambo ndi angati, angati amabwera ndi ana, angati ndi okalamba kapena aulumali. Yambani ndi zimene khonsolo ili nazo kale, monga kaundula wa ochita malonda ndi ziphaso za msonkho wa pamsika. Koma samalani ndi kaundula. Nthawi zambiri amalemba mwini benchi kapena mwini sitolo, pomwe amene amaswera pamenepo tsiku lonse ndi mkazi wake kapena wantchito, ndipo oyala malonda pansi sakhalamo n'komwe. Choncho tumizani anthu awiri akaime pakhomo la zimbudzi zakale nthawi imene msika wadzaza, wina akuwerenga olowa, wina akuona pa wotchi kuti munthu akutha mphindi zingati. Achite zimenezi tsiku la msika waukulu ndi tsiku wamba, m'mawa ndi madzulo.

Kumbukirani kuti amene mukuwawerengawo ndi okhawo amene akubwera. Ngati amayi pamsika ndi ambiri koma pakhomo la zimbudzi akuoneka ochepa, musathamangire kunena kuti sazifuna. Mwina pali chimene chikuwabweza.

Chachitatu: afunseni, koma osati pamsonkhano umodzi wa onse

Msonkhano woitanidwa nthawi imene malonda atentha, kapena madzulo pamene amayi ali kuphika, umadzadza ndi abambo, ndipo amayi ochepa amene abwera amakhala kumbuyo osayankhula. Pepala la mayina a obwera limatha kuonetsa kuti amayi analipo, koma zolemba za msonkhano osaonetsa mfundo yawo ndi imodzi yomwe. Konzani zokambirana zapadera za amayi, zotsogoleredwa ndi mayi mnzawo, pamalo pomwe amagulitsirapo, ndi zina za abambo. Funso likhale lolunjika. Osafunsa kuti "mukufuna chitukuko chanji?" Funsani kuti mumapita kuti mukafuna kudzithandiza, malonda mumasiyira ndani, kukada mumatani.

Apa ndi pamene zimatuluka zinthu zimene injiniya sangazione papepala: chitseko chopanda loko, njira yamdima yodutsa kuseri kwa malo omwera mowa, kusowa kwa madzi ndi potaya zinthu za kumwezi, ndi amayi amene amadzimana kumwa madzi tsiku lonse kuti asafune chimbudzi. Abambo nawo ali ndi zawo, monga bambo amene wabwera ndi mwana wamkazi wamng'ono ndipo sadziwa mbali yolowera naye.

Kuti mawu a amayi amasintha kumene ndalama zikupita si nkhambakamwa. Ku India lamulo linasungira amayi gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando ya atsogoleri a makhonsolo a m'midzi. Kafukufuku wa Raghabendra Chattopadhyay ndi Esther Duflo, wofalitsidwa mu 2004, anapeza kuti ku West Bengal ndi ku Rajasthan makhonsolo otsogoleredwa ndi amayi ankaika ndalama zambiri pa madzi akumwa, nkhani imene amayi kumeneko ankaidandaula kwambiri.

Chachinayi: sandutsani zimene mwapeza zikhale masamu

Gawo ili ndi limene ambiri amalidumpha, pomwe mkulu wa zachuma samva madandaulo, amamva manambala. Tiyerekeze kuti pulani yoyamba ili ndi malo 12, asanu ndi amodzi a amayi, asanu ndi amodzi a abambo. Aliyense akaiona anena kuti palibe tsankho. Tiyerekezenso kuti owerenga aja apeza kuti pa ola lotanganidwa kwambiri pamabwera anthu 300, amayi 180 ndi abambo 120, ndipo mayi amatha mphindi zitatu pomwe bambo amatha mphindi imodzi ndi theka. Kusiyanaku kuli ndi zifukwa zake: mayi ayenera kulowa m'chipinda n'kutseka, ena ndi oyembekezera, ena ali kumwezi, ndipo ambiri amalowa ndi ana.

Chipinda chimodzi cha amayi chithandiza anthu 20 pa ola, choncho zipinda 6 zithandiza amayi 120. Amayi 60 atsala pamzere ola likamatha, malonda awo ali okha. Kumbali ya abambo malo amodzi athandiza anthu 40 pa ola, ndiye kuti malo 6 akwanira abambo 240 pomwe obwera ndi 120. Theka la mbali imeneyo lingokhala. Kuti onse adikire mofanana, malo 12 omwewo ayenera kugawidwa 9 kwa amayi ndi 3 kwa abambo.

Masamuwa ali ndi malire ake. Anthu sabwera motsatana bwinobwino ngati asilikali, choncho malo ongokwanira ndendende adzakhalabe ndi mzere, ndipo ndi bwino kuonjezerapo pang'ono mbali zonse. Chipinda chokhala ndi chitseko chimadya ndalama zambiri ndi malo ambiri kuposa pokodzera abambo, choncho musalonjeze makhansala kuti mtengo sudzasintha musanamufunse injiniya. Ndipo chipinda chimodzi chachikulu, cholowa njinga ya olumala komanso kholo ndi mwana, chiyenera kukhalapo mosatengera masamu.

Pali ntchito zina zimene kusintha kwake sikufuna ndalama zoonjezera. Ku Karlskoga m'dziko la Sweden, khonsolo inkayamba kuchotsa chipale chofewa m'misewu ikuluikulu ya magalimoto, n'kumalizira tinjira ta oyenda pansi. Ataunika, anaona kuti oyenda pansi ndi okwera mabasi ambiri ndi amayi, ena akukankha tingolo ta ana, ndipo kuyenda pansi m'chipale n'kovuta kuposa kudutsamo pagalimoto. Anangotembenuza dongosolo, n'kumayamba ndi tinjira tija. Funsani funso lomwelo pa ntchito zanu: kodi timayamba ndi kuti, ndipo amene amadikira ndi ndani?

Chachisanu: zilembeni m'bajeti momwemo

Chimene chalembedwa m'lipoti la msonkhano koma mulibe m'bajeti sichimangidwa. Mzere wa bajeti usangoti "kumanga zimbudzi pamsika". Unene chiwerengero cha zipinda za amayi ndi za abambo, chipinda cha aulumali, maloko amkati, nyale za panjira, posamba m'manja ndi mabini okhala ndi zivundikiro. Zomwezo zikalowe m'zikalata zoitanira makontilakitala, chifukwa kontilakitala amamanga chimene wasainira. Ikaninso choyezera chimodzi kapena ziwiri zimene munthu wamba angathe kuziona, monga mphindi zimene mayi ndi bambo akudikira pa ola lotanganidwa.

Chimene chimapha ntchito zambiri ndi kuiwala kuti bajeti ili ndi mbali ziwiri, ya zomanga ndi ya zoyendetsera ntchito chaka ndi chaka. Makhansala amakonda mbali yoyambayo poti ili ndi riboni yodula. Koma bilu ya madzi, mababu, sopo, kupopa zimbudzi zikadzaza ndi malipiro a osesa zili mbali yachiwiri, ndipo zikasowa, woyamba kusiya kubwera ndi mayi, popeza iye sangakaime kuseri kwa khoma. Onaninso mbali ya ndalama zolowa. Mtengo wolipira nthawi iliyonse munthu akalowa umaoneka wofanana, koma umalemera kwa amene amaswera pamsika ndi ana awiri. Khonsolo ingathe kulola ana kulowa ulere, kapena kuphatikiza mtengowo mu msonkho wa tsiku wa ochita malonda.

Maiko ena anachita kuika lamulo. Ku Philippines nthambi za boma ndi makhonsolo amayenera kupatula ndalama zosachepera 5 pa 100 zilizonse kuti zigwire ntchito za jenda. Ku Uganda lamulo la kayendetsedwe ka chuma cha boma la 2015 limafuna kuti bajeti ikhale ndi satifiketi yotsimikiza kuti yaganizira za jenda ndi chilungamo. Ine ndimaona kuti njira yopatula gawo ili ndi msampha: n'kosavuta kuthera 5 ija m'misonkhano, 95 yotsalayo n'kumayenda monga kale.

Chachisanu ndi chimodzi: tsatirani ndalamazo mpaka pamalo

Zimene zavomerezedwa, zimene zatulutsidwa ndi zimene zagwiradi ntchito kawirikawiri zimakhala manambala atatu osiyana. Pemphani malipoti a zachuma a miyezi itatu iliyonse ndipo muyang'ane mzere wanu. Ndalama zikachepa pakati pa chaka, zoyamba kudulidwa ndi zimene zimaoneka zing'onozing'ono: nyale, maloko, mabini, tanki ya madzi. Nyumba imaima ndithu, koma zimene amayi anapempha zija mulibe. Choncho khonsolo isanasaine kuti ntchito yatha ndi kupereka malipiro omaliza, oimira amayi ndi abambo a pamsika ayendere nyumbayo ali ndi pepala la zimene zinalonjezedwa, atseke chitseko chilichonse, atsegule mpopi uliwonse, ndipo abwerenso kutada kudzaona ngati nyale zikuyaka. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, owerenga awiri aja akaimenso pakhomo pa ola lomwe lija. Ngati mzere wa amayi udakali wautali kuposa wa abambo, kapena amayi olowa sanachuluke, manambala amenewo apite ku komiti ya zachuma nthambi zisanayambe kulemba zofuna za chaka chamawa.