Mnzanu wakutumizirani nyimbo yake: momwe mungamuuzire zoona osamugwetsa mphwayi

Musanayankhe chilichonse, mufunseni ngati nyimboyo yatuluka kale kapena idakali ku situdiyo. Funso ili ambiri timalidumpha, koma ndi limene limakuuzani zoti munene. Ngati idakali m'manja mwa polodyusa, pafupifupi chilichonse chingakonzedwe. Ngati yatuluka, kumuuza kuti asinthe kolasi n'kungomupweteka mtima. Apo nenani zokhazo zimene zingamuthandize pa nyimbo yotsatira.

Kenako imvereni katatu. Ulendo woyamba ingomverani ngati mmene mungamverere pa wailesi. Wachiwiri valani mahedifoni, mutsate mawu okha. Wachitatu imvereni pa sipika ya foni, chifukwa anthu ambiri adzaimvera pomwepo, ndipo besi imene imagunda bwino m'situdiyo pa foni imasowa. Pamene mukumvera, lembani nthawi yeniyeni ya malo amene akugwirani mtima komanso amene mwasokonezeka, monga 0:45 kapena 2:10.

Yambani ndi chimene chakoma, koma muchitchule dzina. "Ili bho" sithandiza woyimba, chifukwa sadziwa choti asunge. Mukatero tchulani vuto limodzi, mwina awiri basi. Mukamuunjikira asanu, sakonza ngakhale limodzi.

Pamene pafunika kusamala kwambiri ndi apa: kusiyanitsa vuto lenileni ndi zokonda zanu. Ngati inu mumakonda manganje ndipo iye wayimba hipihopu, limenelo si vuto lake. Vuto ndi monga mawu kumizidwa ndi ng'oma, kapena chuni kupotoza liwu mpaka tanthauzo kusintha. Chichewa chathu chimadalira kukweza ndi kutsitsa mawu. Liwu loti "mtengo" likhoza kukhala wa m'nkhalango kapena wa katundu pamsika, ndipo chuni ikalikokera kolakwika, womvera amamva zina. Njira yodziwira ndi yosavuta. Ngati mwamvera katatu koma mzere wina simungathe kuulemba papepala, pamenepo pali vuto.

Tiyerekeze kuti mnzanu wayimba yokumbukira mayi ake. Mukhoza kumulembera chonchi: "Aise, ndaimvera katatu. Pa 0:45 pamene ukunena za mayi akusenza nkhuni m'mamawa, ndawaona ndi maso. Pamenepo usasinthepo. Koma kuyambira 1:20 ng'oma zakwera moti vesi yachiwiri sindinaimve mawu ake. Ungamupemphe polodyusa azitsitse pang'ono? Komanso kolasi yafika pa 1:50, ine ndinayamba kuidikira kale. Unachita dala?"

Funso lomalizalo ndimalikonda chifukwa nthawi zina woyimba amakhala ndi cholinga chimene inu simunachione, ndipo mwamusiyira mpata wofotokoza.

Zokonza zonsezi mutumizireni payekha, osati pagulu pamene pali abale ake ndi anzake a kutchalitchi. Ngati nyimbo ndi ya maliro ndipo chisoni chidakali chachiwisi, dikirani kaye. Za ng'oma mudzamuuze akadzanena yekha kuti akubwerera ku situdiyo.