Gemu ikamadukiza pa laputopu, yambani mwaona chipu yomwe ikugwira ntchito

Miyezi yapitayi ndakumana ndi anthu angapo odandaula chimodzimodzi: laputopu ndi yamphamvu, ili ndi chipu ya NVIDIA, koma gemu ikudukizadukiza. Onsewo anali atayamba kale kupereka mankhwala asanadziwe matenda. Wina anafufuta Windows n'kuikanso, mafayilo ena n'kutayika. Wina anatsitsa kuwala ndi kukongola kwa zithunzi mpaka gemu inasanduka chimbuuzi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana kuti gemuyo ikuyendera chipu iti.

Laputopu zotere zili ndi machipu awiri ojambula zithunzi. Yaing'ono ili m'kati mwa purosesa, monga Intel UHD kapena Iris Xe. Ilibe memole yakeyake, imabwereka ya kompyuta yonse, koma sidya batire kwambiri. Yaikulu, monga GeForce, ili ndi memole yake ndipo imagona mpaka itaitanidwa. Kusinthana kumeneku NVIDIA anakutcha Optimus mu 2010. Kompyuta ndiyo imasankha kuti pulogalamu iti ipite kuti, ndipo ikapanda kuizindikira gemu, imangoisiyira yaing'ono ija. Kuti maso aone zoyenda bwino pa zithunzi 60 pa sekondi, chithunzi chilichonse chiyenera kukonzeka m'mamilisekondi osakwana 17. Chipu yaing'ono imakwanitsa mukaima pamalo opanda zambiri, koma kukangobuka utsi kapena adani ambiri, chithunzi chimachedwa, ndipo kudukiza mukuonako ndi kumeneko.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti ena akamva zimenezi amathamangira ku NVIDIA Control Panel, chifukwa ndi mmene ankachitira zaka khumi zapitazo. Abale anga, zinthu zinasintha. Kuyambira Windows 10 mtundu wa 2004, womwe unatuluka mu 2020, chisankho cha mu Windows ndicho chili pamwamba. Ngati kumeneko munthu anaika gemu pa Power saving, yomwe imaipereka ku chipu yaing'ono, mutha kusintha kwinako tsiku lonse osaphula kanthu.

Mnyamata wina anandibweretsera laputopu yake atakwiya. "Achimwene, zonse mumanenazo ndinachita, High performance ndinaika, koma palibe chasintha. Ndagula RAM ina, mavuto ake omwewo." Tinayatsa gemu, ndipo zithunzi zinkangozungulira pa 22 pa sekondi. Titatsegula Task Manager, pa Performance, GPU 0, yomwe pa laputopu yakeyo inali ya Intel, inali pafupi ndi 100%, pomwe GPU 1, ya NVIDIA, inali phee, yozizira. Ndalama ya RAM inapita pachabe.

Cholakwika chake chinali apa: iye anasankha fayilo yomwe amadina poyatsa gemu. Koma m'magemu ambiri fayilo imeneyo ndi kalondera chabe, imatsegula chitseko n'kuitana ina yomwe ndi gemu yeniyeni. Chisankho cha Windows chimatsata fayilo yomwe mwaitchula, ndiye musadalire kuti chifika chokha kwa yoitanidwayo. Gemu yake inapangidwa ndi Unreal Engine, choncho yeniyeniyo inali m'foda ya `Binaries\Win64`, dzina lake lothera ndi `-Win64-Shipping.exe`. Osewera Minecraft ya Java amagwa m'mbuna yomweyi, chifukwa yogwira ntchito kumeneko ndi `javaw.exe`. Titaloza fayilo yoyenera, zithunzi zinakhazikika pa 60, fani n'kuyamba kulira. Iye anaopa kuti chinachake chapsa, koma kulirako kunali umboni woti chipu yaikulu yadzuka.

Musadabwe mukaona GPU 0 ikugwirabe ntchito pang'ono mutakonza. Pa laputopu zambiri sikirini inalumikizidwa ku chipu yaing'ono, ndiye yaikulu imajambula n'kupatsira yaing'onoyo kuti ionetse.

Tsono kakonzedwe kake mwachidule. Gemu ili m'kati, tsegulani Task Manager, pa Details pezani fayilo yomwe ikudya memole yambiri, dinani batani lakumanja la mausi, musankhe Open file location kuti mudziwe komwe ili. Kenako pitani ku Settings, System, Display, Graphics, muwonjezere fayiloyo, muiike pa High performance, musunge. Tsekani gemu kotheratu n'kuyatsanso, apo ayi sizigwira. Mu Task Manager, pa Processes, ndime ya GPU engine ionetse nambala ya chipu yaikulu, monga `GPU 1 - 3D`. Ndipo chonde lumikizani tchaja. Pa batire laputopu imachepetsa yokha mphamvu ya chipu yaikulu, nthawi zina n'kutsekera gemu pa zithunzi 30 pa sekondi. Ngati zonsezi zili bwino koma kudukiza kukuyamba pakatha mphindi khumi kapena makumi awiri, kumeneko ndi kutentha, yang'anani fumbi pa fani.