Sipironolakitoni pa mankhwala achinayi a bipi: malangizo a m'kabokosi m'Chinyanja

Ndimagwira ntchito yopereka mankhwala kuno ku Zomba, ndipo abale anga a ku Chipata ndi ku Katete amanditumizira kawirikawiri zithunzi za timapepala ta m'mabokosi a mankhwala kuti ndiwamasulire. Kapepala kamene kabwera kangapo chaka chino ndi ka sipironolakitoni. Pabokosi ndi pakompyuta ya kuchipatala dzina lake limalembedwa kuti `Spironolactone`, ndipo kwa odwala bipi piritsi lake nthawi zambiri limakhala la mamiligilamu 25. Ndalemba m'chinenero chathu zimene kapepalako ndi malangizo a madokotala amanena. Mlingo wanu ndi umene anakulemberani adokotala anu, osati umene muwerenge pano.

Chifukwa chake mwapatsidwa mankhwala achinayi

Bipi imatchedwa yosamva mankhwala ngati ikukhalabe pa 140/90 kapena kupitirira, chonsecho munthu akumwa mitundu itatu ya mankhwala tsiku ndi tsiku pa mlingo wokwanira. Kawirikawiri itatuyo imakhala amulodipini, enalapurili kapena losatani, ndi kapiritsi kokodzetsa. Asanawonjezere achinayi, adokotala amafunsa ngati atatuwo mukumwadi osadumphitsa, ngati bipi imakwera ndi kunyumba komwe osati pokhapokha mukaona namwino, ndiponso ngati mchere mwauchepetsa. Ayankheni zoona. Amene amadumphitsa mapiritsi atatu, lachinayi silingamuthandize, koma likhoza kumuvulaza.

Mwa anthu ambiri amene bipi yawo ikukana kutsika, thupi limasunga mchere ndi madzi chifukwa cha alidositeroni, timadzi tochokera m'tizigawo tating'ono ta pamwamba pa impso. Alidositeroni imauza impso kuti zisunge mchere, zitaye mumkodzo mchere wina wotchedwa potaziyamu. Sipironolakitoni imatsekereza uthenga umenewo. Mchere ndi madzi zimatuluka, bipi imatsika, koma potaziyamu amatsalira m'magazi. Ubwino wa mankhwalawa ndi chiopsezo chake zimachokera pamalo amodzimodzi. Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa PATHWAY-2, amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2015, anayerekeza mankhwalawa ndi mankhwala ena a bipi, bisopurololu ndi dokisazosini, ndipo anapeza kuti pa malo achinayi sipironolakitoni ndi amene amatsitsa bipi kuposa enawo.

Kamwedwe kake

Kawirikawiri amayamba ndi mamiligilamu 25 kamodzi patsiku, nthawi zina theka lake, ndipo adokotala angakweze kufika 50 ngati magazi ali bwino. Imwani m'mawa mukudya, kuti musamadzuke usiku kukataya madzi. Mankhwalawa sagwira tsiku lomwelo. Bipi imatsika pang'onopang'ono kwa masabata angapo, ndiye musawonjezere mlingo poona kuti pa tsiku lachitatu makina akusonyeza zomwezija. Mukaiwala, imwani mukakumbukira tsiku lomwelo. Ngati kwacha kale, lisiyeni la dzulolo, musamwe awiri.

Musamwe ngati muli ndi pakati kapena mukufuna kutenga pakati, ngati impso zanu zafooka kwambiri, ngati muli ndi matenda a Adisoni ofooketsa tizigawo ta pamwamba pa impso tija, kapena ngati munauzidwapo kuti potaziyamu wanu ndi wokwera, pokhapokha mutakambirana ndi adokotala.

Potaziyamu

Apa ndi pamene ndikufuna kuti tikhalitsepo. Potaziyamu ndi mtundu wa mchere umene umathandiza minofu ndi mtima kugwira ntchito. Pa pepala la zotsatira za magazi amalembedwa ndi chilembo `K`, ndipo mlingo wabwino ndi kuyambira 3.5 kufika 5.0 mmol/L. Onani kufupika kwa mpata umenewo. Akadutsa 6.0, mtima ungayambe kugunda mosalongosoka, ndipo akapitirira ungathe kuima. Choopsa n'chakuti munthu angafike pamenepo akumva bwinobwino, akulima, akupalasa njinga. Kufooka kwa miyendo, dzanzi m'zala ndi m'milomo, mseru, mtima kugunda modumphadumpha kapena pang'onopang'ono, zonsezi zimabwera mochedwa kapena osabwera n'komwe. Makina oyezera bipi saona potaziyamu. Amamuona ndi magazi okha a kulabu.

Choncho magazi ayezedwe musanameze piritsi loyamba: potaziyamu, sodiyamu ndi kiriyatinini, amene amasonyeza mmene impso zikusefera. Malangizo a ku Britain amati mankhwalawa ayambidwe ngati potaziyamu ali pa 4.5 kapena kucheperapo, ndipo magazi ayezedwenso mwezi woyamba usanathe. Madokotala ambiri amayeza pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, kenako pakatha mwezi, kenako miyezi ingapo iliyonse, komanso nthawi iliyonse mlingo ukasintha. Nambala ya impso yolembedwa `eGFR` ikatsika kuchepera 45, chiopsezo chimakula ndithu, ndipo ikachepera 30 mankhwalawa kawirikawiri saperekedwa pochiza bipi. Okalamba ndi odwala shuga ayenera kusamala koposa. Kumbukiraninso kuti enalapurili kapena losatani amene mukumwa kale nawonso amakweza potaziyamu, ndiye akakumana ndi sipironolakitoni amathandizana.

Maganizo anga ndi akuti ngati kumene mukukhala simungathe kuyezetsa magazi, uzani adokotala musanatenge mankhwalawa. Alipo ena amene angakupatseni pa malo achinayi. Kuyamba sipironolakitoni popanda njira yoyezetsera n'kuyenda mumdima.

Zotsatira zikabwera, potaziyamu wa pakati pa 5.0 ndi 5.5 amafuna kufufuza chimene chamukweza ndi kuyezanso posachedwa. Akapitirira 5.5, adokotala amachepetsa mlingo ndi theka kapena kuimitsa kaye. Akafika 6.0, mankhwala amasiyidwa pomwepo ndipo munthu amaonedwa tsiku lomwelo, kuphatikizapo kujambula kagundidwe ka mtima.

Mmene zinayendera kwa bambo wina

Bambo wina wazaka za m'ma 60, wa cha ku Chinamwali, ankamwa amulodipini wa mamiligilamu 10, enalapurili ndi kapiritsi kokodzetsa, koma bipi yake inkangokhala cha pa 164/98. Magazi oyamba anasonyeza potaziyamu 4.2, impso zili bwino ndithu. Anayamba mamiligilamu 25. Patatha milungu iwiri potaziyamu anali 4.6, patatha mwezi 4.7, bipi itatsika kufika 138/84. Kukwera pang'ono kotereku n'kozolowereka ndipo sikudetsa nkhawa.

Mwezi wachinayi chiyambire mankhwalawa anabwera pawindo langa ndi pepala lolembedwa 5.8. Ankaoneka wamphamvu, chipewa chili m'manja, akungodandaula kuti kukwera kamtunda ka kwawo miyendo ikulemera.

"Bambo, pali mankhwala ena alionse amene mwamwa mwezi uno, ngakhale a pagolosale?"

"Ayi mwanawe, ndi omwewa basi. Kupatula timapiritsi ta msana."

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapepala kasiliva kopindikapindika ka dikulofenaki, katatsala mapiritsi awiri pa khumi, ndipo anati kameneko kanali kachitatu. Msana unawagwira pokolola chimanga. Titapitiriza kucheza, anakumbukiranso kuti sabata yapitayo anatsegula m'mimba masiku awiri, koma mapiritsi onse anayi ankamwabe mokhulupirika, monga tinawalangizira ife eni. Zinandikhudza, chifukwa za masiku odwala sitinawafotokozere bwino.

Dikulofenaki amachepetsa magazi opita ku impso. Kutsegula m'mimba kunamaliza madzi m'thupi. Impso zikuvutika choncho, enalapurili ndi sipironolakitoni anapitiriza kusunga potaziyamu. Adokotala anajambula mtima, napeza kuti uli bwino, anaimitsa sipironolakitoni ndi dikulofenaki, nawapatsa panado wa msanawo. Patatha masiku atatu potaziyamu anali 5.2, sanatsike msanga chifukwa mphamvu ya sipironolakitoni imatsalira m'thupi masiku angapo munthu atasiya. Patatha sabata ina anafika 4.5, ndipo anayambanso ndi theka la piritsi.

Zoyenera kupewa

Mankhwala ochepetsa ululu a gulu la burufeni, dikulofenaki ndi indosidi musamwe musanafunse. Panado alibe vutoli. Chachiwiri, chimene kapepala kamatchula m'mawu ochepa koma kwathu kuno n'chachikulu, ndi kotirimokisazolo, amene ku Malawi timati bakitilimu, inu ku Zambia mumati seputirini. Anthu ambiri amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo amamwa ameneyu tsiku lililonse, ndipo amakweza potaziyamu m'njira yofanana ndi mankhwala okodzetsa osunga potaziyamu. Musamusiye nokha. Onetsani mabuku anu onse awiri, la kukiliniki ya bipi ndi la kwinako, kuti adokotala adziwe zonse zimene mukumwa. Pewaninso mapiritsi owonjezera potaziyamu, komanso mchere wa m'masitolo umene amati ndi wa odwala bipi, chifukwa m'malo mwa sodiyamu wa mu mchere wamba amaikamo potaziyamu.

Za chakudya anthu amafunsa kwambiri. Nthochi, mapeyala, mbatata, kachewere, nyemba, matimati ndi masamba zili ndi potaziyamu wochuluka. Ngati impso zili bwino ndipo magazi akusonyeza bwino, palibe chifukwa chozisiyira. Idyani monga mwa masiku onse, osati phava lonse la nthochi tsiku limodzi. Chimene kapepala kachingerezi sikadziwa ndi chidulo chathu. Madzi osungunula phulusa amene timaphikira therere, kapena delele mmene mumanenera kwanuko, ali ndi potaziyamu wambiri, ndipo palibe amene amamuyeza. Ndingakonde kuti wodwala amene ali pa mankhwalawa asamadye za chidulo kawirikawiri. Soda wa m'paketi si njira yothawira, pakuti iye ali ndi sodiyamu amene amakweza bipi.

Mukatsegula m'mimba, mukamasanza, kapena mukadwala malungo moti simukutha kudya ndi kumwa, imitsani sipironolakitoni tsiku lomwelo ndipo pitani kuchipatala mukafunse za enalapurili, losatani ndi kapiritsi kokodzetsa, chifukwa nawonso kawirikawiri amaimitsidwa kaye. Mumayambiranso mukakhala mukudya ndi kumwa bwino kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Zovuta zina ndi chizungulire poimirira, kusokonekera kwa msambo, ndipo kwa abambo mabere kupweteka kapena kutupa ndi kuchepa kwa chilakolako cha m'banja. Abambo ambiri amachita nazo manyazi n'kusiya mankhwala mwakachetechete. Nenani, chifukwa mlingo ungachepetsedwe kapena mankhwala kusinthidwa.

Pa tsiku lotengetsa magazi, musamafumbate ndi kutambasula dzanja mobwerezabwereza lamba atamangidwa pamkono. Kuchita zimenezi, komanso magazi kukhalitsa panjira asanafike kulabu, kungasonyeze potaziyamu wokwera pamene m'thupi ali bwino. Mukakhala kutali ndi labu, funsani tsiku ndi nthawi imene magazi amanyamulidwa, mubwere m'mawa wa tsiku limenelo. Koma nambala ikatuluka yokwera, musaganize nokha kuti yalakwika: imitsani piritsi la tsikulo, muonane ndi adokotala, magazi atengedwenso. Nambala iliyonse ya potaziyamu ilembedwe m'buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi deti lake, kuti ngakhale mutadwalira ku Lusaka kapena kuno ku Zomba, amene akuoneni adziwe pamene munayambira.