Wodwala sitiroko akamasiya nsima ya kumanzere kwa mbale

Anzanga ogwira ntchito m'mawodi, wodwala sitiroko akamadya nsima ya kumanja kwa mbale yokha, kapena kumeta ndevu tsaya limodzi, musafulumire kunena kuti maso afa. Kawirikawiri chavulala ndi ubongo wa kumanja, chigawo cha pariyeto, chimene chimatembenuzira chidwi kumanzere. Maso amaona, koma kwa mwiniwakeyo mbali imeneyo kulibe, ndipo sadandaula n'komwe.

Kuyeza kwake n'kwa pepala ndi cholembera basi. Lembani timizere tambirimbiri pepala lonse, muliike pakati penipeni pa thupi lake, mumuuze adule kalikonse. Amayambira kumanja, n'kuika cholembera pansi akuti wamaliza, kumanzere kusanakhudzidwe. Jambulaninso mzere wopingasa wa masentimita 20 kuti alembe pakati pake. Akalemba pa 13 kuchokera kumanzere m'malo mwa 10, wapatukira kumanja masentimita atatu, chizindikiro champhamvu ndithu. Mzere waufupi umabisa vutoli. Musasunthe pepala kapena kumulozera kumanzere, chifukwa mukatero mwamuthandiza mayeso.

Wina amakhoza zonsezi koma vuto lilipo. Mutsinzinitseni, mukhudze dzanja lamanzere lokha, amva. Mukakhudza onse awiri nthawi imodzi, amatchula lamanja lokha.

Amene wangotaya theka la malo oona amatembenuza mutu kufunafuna chosowacho, pamene wovulala chigawo cha pariyeto uja safunafuna n'komwe, ngakhale mavuto awiriwa amathanso kubwera pamodzi. Lembani zimene mwapeza m'fayilo, ndipo asayende yekha, poti amagunda zitseko ndi phewa lamanzere.